Mawanga a pa Mano: a Madzi Ndi Ati, a Matenda Ndi Ati?

Pali mawanga a pa mano amene mswachi suwafika. Mwana atha kukwecha m'mawa ndi madzulo, amake n'kumuwonjezera makala, phulusa, mwinanso soda wofinyira ndimu, banga lili pomwepo osasuntha. Banga lotere silili pamwamba pa dzino ngati litsiro. Lili m'kati mwa chikuto cha dzinolo, ndipo linalowamo kalekale, dzino lisanaboole nkhama, mwanayo akadali kumsana kwa amake. Zimandiwawa ndikamamva mwana akunenedwa uve chifukwa cha mawanga otere, kapena ndikaona mtsikana wa kusekondale akuseka ataphimba pakamwa ndi dzanja, chonsecho palibe chimene analakwa.

Mawanga ochokera ku ukhanda ali ndi magwero awiri amene anthu amawasokoneza kawirikawiri. Gwero loyamba ndi mchere wa m'nthaka wotchedwa fulorayidi ukachuluka m'madzi akumwa, ndipo vuto lake madokotala amati fulorosisi. Lachiwiri ndi matenda, njala kapena ngozi zimene zinasokoneza dzino likupangidwa, n'kulisiya loperewera chikuto, ndipo vuto limeneli amati hayipopulaziya. Ukayang'ana patali zonse zimaoneka ngati mano oyera mwa apo ndi apo kapena ofiirira. Koma loyambalo nthawi zambiri limangowononga maonekedwe, pamene lachiwirilo limatsegulira njira kuwola kwa dzino. Mtundu wa banga ndiwo umaopsa makolo, koma pa zizindikiro zonse mtunduwo ndiwo umanena zochepa.

Mmene chikuto chimapangidwira

Mbali yoyera yonyezimira imene timaiona pa dzino ndi chikuto cholimba chotchedwa enamelo. M'thupi lonse la munthu mulibe china cholimba kuposa chimenechi, ngakhale fupa, pakuti pafupifupi magawo 96 pa 100 alionse ndi mchere wa kashiyamu ndi fosifeti. Kunsi kwake kuli thupi la dzino, lachikasu, lofewerapo, lokhala ndi timitsempha topita ku mtima wa dzino.

Chikutochi chimapangidwa ndi maselo apadera dzino likadali m'fupa la nsagwada, ndipo ntchitoyo imachitika m'magawo awiri, monga mmene timachitira ndi njerwa. Poyamba pamakhala kuumba: maselo amayala chikuto chofewa, mzere pamwamba pa mzere, mpaka chifike pa kukhuthala kwake. Kenako pamabwera kuwotcha: madzi ndi mapuloteni zimachotsedwamo, mchere n'kulowa mpaka chikuto chiume gwa. Dongo likaperewera m'chikombole, njerwa imatuluka yobenthuka kapena yopyapyala, ngakhale itapsa bwino. Imeneyo ndiyo hayipopulaziya. Njerwa ikadzaza bwino m'chikombole koma moto n'kuchepa mu uvuni, imatuluka yathunthu, ngodya zonse zilipo, koma yotuwa ndi yofumbutuka. Imeneyo ndiyo fulorosisi. Vuto lina ndi la kuchuluka kwa chikuto, linalo ndi la kulimba kwake.

Dzino likangotuluka, maselo aja amatha ntchito n'kufa. Ichi n'chifukwa chake chikuto sichimeranso chikawonongeka, ndiponso munthu wamkulu sangayambe fulorosisi ya mano lero ngakhale atasamukira kudera la madzi a fulorayidi wambiri. Nthawi yoopsa ndi kuyambira pobadwa mpaka zaka pafupifupi 8.

Dzino lililonse lili ndi nthawi yake, ndipo apa m'pamene pagona luso lonse losiyanitsa. Mano akuluakulu otafunira oyamba, aja amamera kumbuyo kwa mano aubwana mwana ali ndi zaka 6 popanda lina kuguluka, amayamba kuuma nthawi yobadwa n'kumaliza pa zaka pafupifupi zitatu. Mano awiri apakati a kutsogolo amayamba mwana ali ndi miyezi itatu kapena inayi, n'kumaliza pa zaka zinayi kapena zisanu. Mano osongoka aja amayamba pa miyezi inayi kapena isanu. Koma mano awiri a m'mwamba oyandikana ndi apakatiwo amachedwa, amayamba pa miyezi 10 mpaka 12. Komanso dzino limayamba kupangidwa kunsonga kupita kunkhama. Tsono chilema chimene chili kunsonga chimanena za chaka choyamba cha moyo, chimene chili pakati pa dzino la kutsogolo chimanena za zaka ziwiri kapena kupitirirako pang'ono, ndipo chimene chili pafupi ndi nkhama chimanena za zaka zinayi.

Mawanga a madzi

Amene anayamba kufufuza za mawanga amenewa mwakhama ndi dokotala wa mano Frederick McKay, amene anafika m'tauni ya Colorado Springs ku America mu 1901 n'kudabwa kuona anthu ambiri obadwira kumeneko ali ndi mano a bulawuni. Anaona zinthu ziwiri zimene mpaka lero timazigwiritsa ntchito. Obwera atakula analibe mawangawo, ndipo mano a mawangawo, ngakhale anali osaoneka bwino, sankawola msanga. Zinatenga mpaka 1931 kuti zidziwike kuti choyambitsa chake ndi fulorayidi wa m'madzi. Fulorayidi wochepa amalimbitsa mano, n'chifukwa chake amaikidwa m'mankhwala otsukira mano. Akachuluka m'thupi la mwana wamng'ono ndiye amasokoneza gawo lija la kuumitsa chikuto.

Kwathu kuno nkhaniyi si yachilendo. Dziko lathu lili m'chigwa chachikulu chong'ambika chimene chadutsa ku Ethiopia, Kenya ndi Tanzania, ndipo miyala ina ya pansi pake imasungunulira fulorayidi m'madzi. Akasupe a madzi otentha, monga a ku Nkhotakota, amakhala naye wambiri. Mijigo ina ya ku Nathenje m'boma la Lilongwe, ya ku Machinga, ku Balaka, ku Chikwawa ndi ku Nsanje inapezeka naye wopitirira muyezo. Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse limati madzi akumwa asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita, koma ku Nathenje ofufuza anapeza mijigo ina yofika mamiligalamu pafupifupi 7. Madzi otere alibe fungo, alibe mtundu, ndipo sakoma mwachilendo. Mjigo wina utha kukhala woipa pamene wa m'mudzi woyandikana nawo uli bwinobwino.

Tiwerengere pang'ono kuti tione kukula kwake. Akatswiri amaika malire akuti mwana wosakwana zaka 8 asamalandire fulorayidi wopitirira mamiligalamu 0.1 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Mwana wa makilogalamu 10 malire ake ndi miligalamu imodzi. Ngati mjigo wa pamudzi uli ndi mamiligalamu atatu pa lita, mwanayo n'kumalandira lita imodzi patsiku, kuphatikiza madzi akumwa ndi a m'phala, ndiye kuti akupitirira malirewo katatu, tsiku ndi tsiku, chaka ndi chaka. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala amamwa ochuluka kuposa pamenepo.

Popeza madziwo mwana amawamwa zaka zonse za ubwana wake, mawanga ake amagwira mano ambiri, ndipo amagwira mofanana uku ndi uku. Dzino la kumanja likakhala ndi banga, mnzake wa kumanzere alinso nalo pamalo pomwepo. Ikakhala yochepa, fulorosisi imaoneka ngati timizere toyera topingasa, tating'onoting'ono, toti uyenera kupukuta dzino kuti utione, kapena nsonga za mano zimayera kuposa thupi lake. Ikakula pang'ono timizereto timalumikizana n'kukhala mawanga otuwa opanda malire enieni. Sungaloze kuti banga layambira apa n'kuthera apa, limangozimirira m'dzino. Ikafika poipa dzino lonse limatuwa ngati choko, kunyezimira kuja osaonekanso.

Nanga kufiira kumachokera kuti? Dzino la fulorosisi silituluka lofiira. Limatuluka loyera, koma popeza chikuto chake chili ndi timipata tosaoneka ndi maso, chimamwa mtundu wa zakudya, tiyi ndi zina za m'malovu, n'kumafiira pang'onopang'ono. Kawirikawiri amafiira kwambiri ndi mano a m'mwamba a kutsogolo, aja amakhala pamtunda milomo ikatseguka. Mano aubwana nthawi zambiri amapulumuka kapena amagwidwa pang'ono, chifukwa mbali yaikulu ya chikuto chawo imapangidwa mwana ali m'mimba kapena akuyamwa, ndipo mkaka wa m'mawere umakhala ndi fulorayidi wochepa kwambiri ngakhale mayi akumwa madzi oipawo. Apa makolo ambiri amadabwa, amvekere, "Mano ake oyamba anali oyera mbee, awa abwera bwanji chonchi?"

Dzino loperewera chikuto

Hayipopulaziya ili ndi mbiri ina. Maselo oumba chikuto sachedwa kukhumudwa. Mwana akadwala kwambiri, thupi limasiya kaye ntchito zina kuti lipulumutse moyo, ndipo maselowo amaima kapena kuchepetsa ntchito. Akachira amayambiranso, koma pamene anaima paja pamatsala mpata. Zimene zimachititsa zimenezi n'zodziwika m'mudzi uliwonse: kunyentchera, kutsegula m'mimba kwa nthawi yaitali, chikuku, katsabola, kutentha thupi koopsa, kuchepa kwa mavitamini A ndi D, kubadwa masiku asanakwane kapena kubadwa wochepa sikelo. Chindoko chimene mwana watengera kwa mayi ali m'mimba chimasiyanso chizindikiro chake: mano apakati a m'mwamba amakhala opanikizika kunsonga, okhala ndi kamphako pakati pa nsongayo.

Chimene chimaoneka si mtundu chabe koma kuperewera kwenikweni. Pamakhala ngalande yopingasa pa dzino, kapena mzere wa timaenje, kapena nsonga yopyapyala ngati yadyeka, mwina malo ena opanda chikuto n'komwe, thupi lachikasu la dzino lili pamtunda. Mukayendetsa chikhadabo pa dzinolo chimakodwa. Ndipo chilemacho chimakhalapo kuyambira tsiku limene dzino latuluka.

Pali mtundu wina umene umagwira dzino limodzi lokha. Mwana wa zaka ziwiri akagwa chafufumimba n'kumenyetsa dzino laubwana pa khonde, muzu wa dzinolo utha kukankha dzino lachikulu limene likupangidwa pamwamba pake. Dzino laubwana likawola mpaka kuchita mafinya kumuzu, mafinyawo athanso kuwononga dzino limene lili pansi pake. Patapita zaka, dzino limodzi limatuluka ndi banga lachikasu kapena lokumbika, anzake onse ali bwino. Madzi sangachite zimenezi. Madzi sasankha dzino limodzi. Ndipo apa ndiyenera kunena mosabisa: maganizo akuti dzino laubwana lowola n'losafunika kulisamala chifukwa liguluka kale amapweteketsa mano amene mwana adzakhale nawo moyo wake wonse.

Ana awiri a nyumba imodzi

Tiyerekeze kuti mayi wina wa kufupi ndi Nathenje wapita ndi ana awiri kwa dokotala wa mano pa chipatala cha boma. Wina ndi mwana wake wamkazi wa zaka 13, wobadwira ndi kukulira pamudzipo. Winayo ndi mwana wa mchemwali wake, mnyamata wa zaka 12, amene anakulira m'tauni akumwa madzi a pampopi, n'kubwera kumudzi ali ndi zaka 10. Onse awiri ali ndi mawanga ofiirira pa mano a kutsogolo, ndipo mayiyo akuti, "Adokotala, ana angawa mano awo achita dzimbiri. Kapena ndi madzi a pa mjigo wathu?"

Dokotala wodziwa ntchito sayamba ndi mankhwala. Amayamba wapukuta mano ndi kansalu koyera kuti achotse zoyanga, n'kuwayang'ana pa kuwala kwabwino, poyamba ali onyowa, kenako atauma. Inunso kunyumba mutha kuchita chimodzimodzi pakhonde masana, ndi manja osamba.

Pa mtsikana uja akupeza kuti pafupifupi mano onse ndi otuwa. Awiri apakati a m'mwamba ali ndi lamba wa bulawuni wofanana uku ndi uku, m'mphepete mwake mosaoneka bwino. Mano ang'onoang'ono otafunira ali ndi nsonga zoyera, kumanja ndi kumanzere chimodzimodzi. A m'munsi a kutsogolo agwidwa pang'ono chabe, monga zimakhalira kawirikawiri pa fulorosisi. Akayendetsa kachitsulo kake pa dzino, kakutsetsereka, palibe pokodwa. Mtsikanayo akuti madzi ozizira samuvuta, mango amadya, chimanga chokazinga amakukuta. Ndiye dokotala akufunsa, "Mayi, anzake a msinkhu wake amene amamwa pa mjigo womwewo mano awo ali bwanji?" Mayi akuyankha kuti ambiri ndi otero. Apa nkhani yamveka. Ndi fulorosisi yapakatikati, ndipo mano ake ndi athanzi ngakhale sakuoneka bwino.

Pa mnyamata uja zinthu n'zosiyana. Mbali yaikulu ya dzino lililonse ndi yonyezimira, ya mtundu wabwino. Koma pafupi ndi nsonga za mano awiri apakati a m'mwamba padutsa ngalande yopingasa, yofiira chifukwa cha zoyanga zimene zimakhalamo. Ngalande yomweyo ikuoneka pa mano anayi a m'munsi a kutsogolo. Nsonga za mano osongoka ndi zokumbika. Mano akuluakulu otafunira oyamba, onse anayi, pamwamba pake ndi pokakala, ndipo limodzi layamba kale kubowoka. Koma mano awiri a m'mwamba oyandikana ndi apakati aja ali bwinobwino, opanda chilema, ndipo ang'onoang'ono otafunira alinso bwino.

Mano awiri opulumukawo ndiwo akuulula nthawi. Popeza amayamba kupangidwa pa miyezi 10 mpaka 12, chimene chinavulaza anzawo chinachitika nthawi imeneyo isanakwane, ndipo chinatha. Dokotala akufunsa, "Mayi, mwanayu asanakwanitse chaka anadwalapo kwambiri?" Mayi akukumbukira kuti ali ndi miyezi 7 anagonekedwa m'chipatala chifukwa cha kutsegula m'mimba, anaonda mpaka anthu kutaya mtima. Buku la kusikelo likanakhalapo, mzere wa kulemera kwake ukanaoneka utatsika pa miyezi yomweyo. Madzi a pa mjigo alibe mlandu pa mnyamatayu, pakuti anayamba kuwamwa mano ake atapangidwa kale.

Ana awiri, mtundu wa mawanga wofanana, koma mtsikanayo atha kubwerera kunyumba osachitidwa chilichonse, pamene mnyamatayo akufunika thandizo tsiku lomwelo.

Pamene pamasokonekera ngakhale odziwa

Fulorosisi yoopsa nayonso imakhala ndi timaenje, ndipo apa ndi posavuta kuphonya. Kusiyana kwake kuli pa nthawi ndi m'mphepete mwa dzenjelo. Pa fulorosisi dzino limatuluka lathunthu, timaenje n'kubwera pambuyo pake chikuto chofumbutuka chija chikayamba kubenthuka potafuna. M'mphepete mwa timaenje totere mumakhala mwakuthwa, ndipo chikuto chozungulira chimakhala chotuwa. Pa hayipopulaziya m'mphepete mumakhala mosalala, mozungulira bwino, chifukwa dzino linaumbidwa lili choncho, ndipo chikuto cha pambali chimakhala chonyezimira. Mwana mmodzi athanso kukhala ndi zonse ziwiri, makamaka kumene njala ndi madzi oipa zakumana, pakuti mwana wosowa kashiyamu m'zakudya fulorayidi amamugwira kwambiri.

Palinso vuto lachitatu limene linapatsidwa dzina lake mu 2001, ndipo padziko lonse limapezeka mwa mwana mmodzi pa ana 7 kapena 8 alionse. Limagwira mano akuluakulu otafunira oyamba, limodzi kapena angapo, nthawi zina pamodzi ndi a kutsogolo. Chikuto chimakhala chokwanira koma chofewa pa malo ena, ndipo banga lake limakhala loyera ngati mkaka, lachikasu kapena la bulawuni, lokhala ndi malire oonekeratu. Silifanana uku ndi uku: dzino la kumanja litha kukhala loipa, la kumanzere lili bwino. Mano otere amayayamira kwambiri, mwana amakana kutsuka mbali imeneyo, ndipo banga likakhala lachikasu kapena la bulawuni dzino limagumuka msanga likangotuluka. Ili si vuto la maonekedwe chabe ayi.

Koma banga limene ine ndimaliopa kwambiri ndi loyera, looneka losalakwa, limene limatsata m'mphepete mwa nkhama. Limeneli si la ku ukhanda. Ndi kuwola kumene kukuyamba. Limapezeka pamene zoyanga zimaunjikana, limakhala lokakala ndi losanyezimira, nkhama za pafupi zimakhala zofiira kapena zotuluka magazi potsuka, ndipo dzinolo poyamba linalibe banga. Limakonda ana oyamwa botolo la zotsekemera usiku, okonda masiwiti ndi zakumwa za shuga, ndi ovala mawaya owongola mano. Ubwino wake ndi wakuti likapezeka lisanabowoke limatha kuima, mwina kubwerera, munthu akamatsuka bwino ndi mankhwala a fulorayidi n'kuchepetsa shuga. Kholo limene lingalione n'kunena kuti "ndi mawanga a madzi, palibe chochita" lataya nthawi yokhayo imene dzino likanapulumuka popanda kuboola.

Zina zotsala n'zosavuta kuzizindikira. Dzino limodzi limene likuda pang'onopang'ono munthu atamenyedwa kapena kugwa nthawi zambiri ndi lakufa m'kati, ndipo lifunika kuonedwa ngakhale silikupweteka. Mtundu wa tiyi, fodya kapena mankhwala owonjezera magazi a madzimadzi umakhala pamwamba ndipo dokotala amauchotsa popukuta. Mano onse, aubwana ndi achikulu omwe, akakhala opyapyala kapena ofewa, ndipo kholo kapena agogo analinso choncho ngakhale anakulira kwina, ndiye kuti ndi za kumtundu.

Ndi liti pamene banga lili la maonekedwe chabe?

Banga ndi la maonekedwe chabe ngati pamwamba pake ndi posalala ndi polimba, dzino silikupweteka kapena kuyayamira ndi madzi ozizira, zotentha ngakhale zotsekemera, chakudya sichikodwapo, ndipo chaka ndi chaka silikukula kapena kukumbika. Fulorosisi yochepa ndi yapakatikati imagwera pamenepa, ngakhale itafiira chotani. Timaenje tosazama ta hayipopulaziya pa dzino la kutsogolo, toti mswachi umatifika ndipo pansi pake ndi polimba, nato titha kusiyidwa n'kumangoyang'aniridwa. Chimodzi mwa zizindikiro zimenezi chikasintha, makamaka pa dzino lotafunira, musadikire ululu. Dzino lopanda chikuto chokwanira limawola mofulumira, ndipo ululu ukamafika, kawirikawiri chotsala chimakhala kuzula.

Kunena kuti ndi maonekedwe chabe sikutanthauza kuti n'zosafunika. Mnyamata amene sayankha m'kalasi poopa kusekedwa ali ndi vuto lenileni, ndipo njira zothandizira zilipo. Mawanga a fulorosisi yochepa amakhala osazama, choncho dokotala amatha kupala pang'ono pamwamba ndi asidi wosakaniza ndi ufa wokhakhala, nkhama zitatetezedwa bwino, n'kuchotsa chikuto chosapitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a milimita. Kufiira kumachokanso ndi mankhwala oyeretsa mano a perokisayidi, amene ndi bwino kudikira nawo mpaka munthu akule. Pali njira inanso yolowetsa utomoni wamadzimadzi m'timipata ta chikuto kuti banga loyera lifanane ndi dzino lonse. Zikakhala zoopsa, amamata pamwamba ndi phala la mtundu wa dzino louma ndi kuwala, ndipo zophimba za dongo la galasi kapena zisoti zimadikira mpaka nsagwada ndi nkhama zitasiya kukula, cha m'ma zaka 18.

Pa hayipopulaziya njira yopala ija ndi yolakwika, chifukwa ungapale bwanji pamene paperewera kale? Apa pamafunika kuwonjezera. Mnyamata wa m'chitsanzo chathu dokotala angamutsekere dzino lobowokalo, n'kumata mano ena atatu otafunira kuti zakudya zisamakodwe, kuwapaka vanishi wa fulorayidi miyezi ingapo iliyonse, n'kudzaza ngalande za kutsogolo ndi phala la mtundu wa dzino. Dzino lotafunira likawonongeka kwambiri mwana akadali wamng'ono amaliveka chisoti chachitsulo. Likakhala losatheka kulipulumutsa, nthawi yabwino yozula ndi pa zaka 8 mpaka 10, kuti dzino la kumbuyo kwake, limene limamera pa zaka 12, lisendere n'kutseka mpatawo. Mwayi umenewu umatayika chifukwa makolo ambiri amaliyesa dzino laubwana.

Makala, phulusa, mchenga, soda ndi ndimu zimachita zosiyana ndi zimene wokwechayo akufuna. Ndimu amasungunula chikuto, zokhakhalazo n'kuchipala, ndipo chikamapyapyala thupi lachikasu la dzino limayamba kuonekera. Pamwamba pokalika pamagwiranso mtundu msanga kuposa kale.

Za mng'ono wake

Kwa mtsikana uja madzi achita kale zimene akanachita pa mano. Koma ngati kunyumba kuli mng'ono wake wa chaka chimodzi, mano a mkuluyo ndi chenjezo limene labwera pa nthawi yake, chifukwa mano apakati a m'mwamba amagwidwa kwambiri ndi fulorayidi pakati pa chaka chimodzi ndi zaka zitatu. Kuwiritsa madzi sikuchotsa fulorayidi, kumangomuwonjezera mphamvu madzi akamaphwa. Kulorini amapha tizilombo basi. Kusefa ndi nsalu sikuthandiza. Chothandiza ndi kupezera ana aang'ono madzi ena akumwa ndi ophikira phala: a pa mjigo wina woyezedwa, kapena a mvula okololedwa padenga loyera n'kuthiridwa kulorini. Madzi a mjigo woipawo atha kupitiriza ntchito yochapa, kusamba ndi kutsuka mbale. Kuthawira kumtsinje kapena pachitsime chosatetezedwa ndi kolakwika kwambiri, pakuti kolera amapha m'masiku ochepa pamene fulorosisi yochepa imangosintha mtundu wa dzino. Kumene kulibe madzi ena, zosefera za makala a mafupa owotchedwa zimagwira fulorayidi, koma zimafuna kusinthidwa zikakhuta.

Mankhwala otsukira mano a fulorayidi musawasiye, chifukwa amagwira ntchito pamwamba pa dzino lotuluka kale ndipo sayambitsa mawanga pokhapokha mwana wamng'ono akamawameza. Wosakwana zaka zitatu muzimuikira kochepa ngati njere ya mpunga, wa zaka zitatu mpaka 6 ngati njere ya nsawawa, wamkulu ali pomwepo kumuuza kuti alavule.

Komiti ya mjigo itha kupempha ofesi ya zamadzi ya pa boma, kudzera kwa mlangizi wa zaumoyo, kuti madzi ayezedwe fulorayidi, popeza kuyeza tizilombo kokha sikuonetsa zimenezi. Zotsatira zikabwera, funsani nambala yeniyeni, musakhutire ndi mawu akuti madzi ali bwino. Muyezo umene dziko lathu linaika mu 2005 pa madzi a m'mijigo ndi m'zitsime umalola mamiligalamu 6 pa lita, kuwirikiza kanayi muyezo wa bungwe la zaumoyo lija. Mjigo wa mamiligalamu anayi utha kulembedwa kuti wakhoza, chonsecho ana ambiri amene akulirapo adzakhala ndi mawanga, ndipo akuluakulu amene amwa madzi a mlingo wotere kapena wopitirira kwa zaka zambiri amatha kuyamba kumva kuuma kwa msana ndi mfundo, fulorayidi ataunjikana m'mafupa.